Kashibuku ndi sitetimenti ya kubanki zikakana kugwirizana: macheke ochedwa ndi dayirekiti debiti yoiwalika

Mwezi ukatha, wosunga mabuku a ndalama amayembekezera kuti balansi ya m'kashibuku ifanana ndi imene banki yalemba pansi pa sitetimenti. Kawirikawiri sizifanana, ndipo pokhapo palibe chodetsa nkhawa. Chimene chimazunguza mutu n'chakuti mukachotsera nambala ziwirizo, chotsalacho sichifanana ndi cheke chilichonse, lisiti lililonse kapena ndalama iliyonse imene mukuidziwa. Mumasanthula masamba onse kufunafuna nambalayo, osaipeza. Simungaipeze, chifukwa ndi zinthu zingapo zosakanikirana, zina zokweza balansi ya banki, zina zoitsitsa.

Zinthu zosakanikiranazo zili m'magulu awiri, ndipo ntchito yonse ya rikonsiliyeshoni, yomwe ndi kugwirizanitsa kashibuku ndi sitetimenti, yagona pa kuzilekanitsa. Gulu loyamba ndi la zimene inu mwalemba molondola koma banki sinazione, monga macheke amene akadali m'manja mwa anthu. Zimenezi simuzikhudza m'kashibuku. Gulu lachiwiri ndi la zimene banki yachita kale koma inu simunazilembe, monga dayirekiti debiti, ndalama imene kampani imadzitengera yokha mu akaunti yanu mutaipatsa chilolezo. Izi zokha ndi zimene zimalowa m'buku lanu. Ambiri amene ndawaona akuvutika ndi ntchitoyi amadziwa bwino masamu, koma amaponya magulu awiriwa pa pepala limodzi.

Chitsanzo choti titsatire

Tiyerekeze shopu ya zipangizo zomangira ku Chinamwali, ku Zomba, yogulitsa simenti, malata ndi misomali. Pa 31 Malichi kashibuku ikuonetsa kuti kubanki kuli K4,860,000. Sitetimenti ya tsiku lomwelo ikuti kuli K5,317,500. Kusiyana kwake ndi K457,500, ndipo palibe amene analipira kapena kulipiridwa ndalama imeneyi.

Musanayambe, ikani patebulo zinthu zinayi: kashibuku, sitetimenti ya mwezi wonse kuyambira pa 1 mpaka pa 31, buku la macheke ndi zishina zake zotsalira, komanso rikonsiliyeshoni ya Febuluwale. Chomalizachi ndicho anthu amachisiya m'kabati, koma popanda icho simudziwa macheke amene mwalowa nawo m'mwezi uno asanatapidwe. Onaninso kuti balansi yotsegulira Malichi pa sitetimenti ikufanana ndi yotsekera Febuluwale. Ngati sizikufanana, pali tsamba losowa kapena anakusindikizirani kuyambira pa deti lolakwika, ndipo bwererani kubanki musanataye nthawi.

Kuchonga mzere ndi mzere

Tengani pensulo. Mzere uliwonse wa pa sitetimenti muufunefune m'kashibuku, ndipo mukaupeza chongani konse kuwiri. Kumbukirani kuti mbali zimatembenuka. Ndalama yolowa, imene inu mumalemba ku debiti, banki imailemba ku kirediti, chifukwa kwa iwo ndi ngongole imene akusungirani. Choncho `CR` ya pa sitetimenti ifananizidwe ndi mbali yanu ya zolandira, ndipo `DR` ndi mbali ya zolipira.

Pa macheke, fananizani nambala ya cheke, osati ndalama yokha. Shopu ikhoza kulembera munthu mmodzi macheke awiri a ndalama yofanana, monga lendi ya miyezi iwiri, ndipo mukachonga poona ndalama mudzachonga cholakwika. Masamu adzagwirizana ndithu, koma mndandanda wanu wa macheke otsala udzakhala wabodza, ndipo bodzalo mudzalisenza mpaka mwezi wamawa.

Mukafika pa cheke cha pa sitetimenti chimene sichikupezeka m'kashibuku ya Malichi, musafulumire kuchilemba ngati chatsopano. Yang'anani kaye pa rikonsiliyeshoni ya Febuluwale. Nthawi zambiri chimakhala chija chinalembedwa mwezi watha ndipo changotapidwa kumene. Chichongeni pa pepala la Febuluwale lomwelo, basi.

Mukatha, zosachongedwa ndizo zikuuzeni nkhani yonse. M'shopu yathuyi, kumbali ya mabuku kwatsala zinayi. Cheke 000412 cha K640,000 chinaperekedwa kwa wogulitsa simenti pa 27 Malichi. Cheke 000415 cha K275,000 chinapita kwa mwini lole wa ku Jali pa 30 Malichi. Cheke 000398 cha K90,000 chinalembedwa pa 11 Febuluwale kwa kalipentala, ndipo chinali kale pa mndandanda wa mwezi watha. Chachinayi ndi cheke cha K350,000 chochokera kwa kasitomala, chimene chinakaikidwa kubanki madzulo a pa 31 Malichi koma sichikuoneka pa sitetimenti. Kumbali ya banki kwatsala mizere iwiri: K185,000 yochotsedwa pa 25 Malichi, ndi K12,500 ya machaji a banki.

Yambani ndi K185,000, musanakhudze macheke

Mzere wa K185,000 ulibe nambala ya cheke. Pali dzina lofupikitsidwa la kampani ya inshuwalansi ndi nambala yaitali ya polise, yomwe ndi mgwirizano wa inshuwalansiyo. Imeneyi ndiyo dayirekiti debiti. Mwini shopu anasaina chilolezo choti kampaniyo izidzitengera yokha ndalama mu akaunti mwezi ndi mwezi, ndiye palibe cheke chimene chimalembedwa, palibe vocha imene imasainidwa, palibe pepala limene limafika pa desiki ya kalaliki. Kalaliki amalemba m'buku zimene zadutsa m'manja mwake, ndipo iyi sidutsa m'manja mwa aliyense. N'chifukwa chake imaiwalika mobwerezabwereza.

Imasiyana ndi sitanding'i oda pa chinthu chimodzi chofunika. Pa sitanding'i oda, inu ndi amene mumauza banki kuti izitumiza ndalama yakutiyakuti tsiku lakutilakuti, ndipo ndalamayo sisintha mpaka inu mutasintha. Pa dayirekiti debiti, wolandirayo ndi amene amaitanitsa, ndipo ndalamayo ikhoza kukwera kapena kutsika. Choncho musangokopera ya mwezi watha. Lembani imene ili pa sitetimenti, kenako mufananize ndi pepala la mgwirizano kapena kalata ya kampaniyo. Ngati mgwirizano ukuti K165,000 koma achotsa K185,000, m'kashibuku mulembabe K185,000 popeza ndi imene yatulukadi, ndipo za K20,000 yapamwambayo mukafunse kwa eni ake. Ngati simukuidziwa n'komwe kampaniyo, pitani kubanki tsiku lomwelo mukapemphe kuona chilolezo chimene chinasainidwa.

Mukatsimikiza kuti ndi yoona, ilembeni m'kashibuku kumbali ya zolipira, pa deti limene banki inachotsa, 25 Malichi, osati tsiku limene mwaitulukira. Ndalamayi imalembedwanso ku debiti ya akaunti ina, ndipo mbali inayo ya kalembedweka imafuna kuganiza pang'ono. Ngati bilu ya inshuwalansiyo sinalembedwe paliponse, debiti ipite ku akaunti ya inshuwalansi. Koma ngati invoisi ya chaka chonse inalowa kale m'mabuku ngati ngongole, debiti ipite ku akaunti ya kampaniyo kuti ngongole itsike. Mukaiponya ku inshuwalansi kachiwiri, mabuku adzaonetsa kuti mwawononga kawiri pamene ngongole ili chiimire. Ikakhala ya ngongole ya kubanki, igaweni pawiri, gawo lobweza ngongole yeniyeni ndi gawo la chiwongoladzanja, motsatira ndandanda imene banki inakupatsani.

Machaji a K12,500 nawonso alowe kumbali ya zolipira. Tsopano kashibuku yaima motere:

Balansi yoyamba: K4,860,000
Kuchotsa dayirekiti debiti: K185,000
Kuchotsa machaji a banki: K12,500
Balansi yokonzedwa: K4,662,500

Nambala iyi, K4,662,500, ndiyo imene ipite mu malipoti a kumapeto kwa mwezi. Ya pa sitetimenti siipitako.

Ndaonapo ena akuika dayirekiti debiti pa pepala la rikonsiliyeshoni pamodzi ndi macheke, osailemba m'buku. Masamu amatuluka bwinobwino, ndipo ndipamene pali msampha. Cheke chotsala chidzadzichotsa chokha pa mndandanda mwini wake akakachitapa, koma K185,000 imeneyi sidzachoka yokha. Mu Epulo idzakhala ikadalipo, ina ya Epulo idzaonjezekera, ndipo pofika Juni buku lidzakhala likunena ndalama zoposa K700,000 zimene kubanki kulibe.

Tsopano macheke

Macheke atatu aja analembedwa m'kashibuku tsiku limene anaperekedwa, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Musawafufute, musawabwezere. Kungoti banki sinawaone. Mwini lole wa ku Jali mwina adikira tsiku limene adzabwere m'tauni kuno, ndipo cheke chikaikidwa ku banki ina chimatenga masiku angapo a ntchito chisanachotsedwe mu akaunti yanu. Ntchito yanu ndi kuonetsa pa pepala mmene balansi ya banki idzakhalire zonsezi zikadzadutsa:

Balansi ya pa sitetimenti, 31 Malichi: K5,317,500
Kuchotsa cheke 000398: K90,000
Kuchotsa cheke 000412: K640,000
Kuchotsa cheke 000415: K275,000
Zotsala: K4,312,500
Kuonjezera dipoziti ya pa 31 Malichi: K350,000
Balansi: K4,662,500

Yafanana ndi ya kashibuku yokonzedwa. K457,500 ija tsopano ikumveka: ndi macheke a K1,005,000, kuchotsapo dipoziti ya K350,000, kuchotsaponso K197,500 ya inshuwalansi ndi machaji.

Lembani cheke chilichonse pachokha, ndi nambala yake, deti lake ndi dzina la wolandira. Mzere umodzi wongoti macheke otsala K1,005,000 suthandiza aliyense mwezi wamawa, ndipo odita akabwera adzakufunsani kuti mumuphwanyire.

Pa pepalali pali nambala ina imene mwini shopu ayenera kuiona ndi maso ake, K4,312,500. Iye amayang'ana balansi pa foni, n'kuona K5,317,500, n'kunena kuti, "Achimwene, ndalama ilipo, itanitsani malata a K5,000,000 ku Limbe." Kalaliki wodziwa ntchito amayankha kuti, "Bwana, pa ndalama mukuionayo K1,005,000 ndi ya eni ake, angochedwa kukatapa. Ndipo cheke cha kasitomala uja sichinadutse." Akapanda kumvera, cheke cha simenti chidzabwezedwa, banki idzadula chindapusa, ndipo wogulitsa simentiyo sadzalandiranso cheke cha shopuyi. Zomba ndi tauni yaing'ono, nkhani yotere imafika kwa ogulitsa ena onse sabata isanathe.

Zikakanabe kugwirizana

Chotsala chimene chakana kutha chimakhala ndi chizindikiro chake. Musayambe kuchonganso kuyambira pa 1 musanachiyang'anitsitse.

Ngati mwatsala ndi K197,500, mwakonza za macheke koma kashibuku simunaikhudze. Ngati mwatsala ndi K185,000 ndendende, machaji mwalemba koma dayirekiti debiti mwaidumpha. Mukatsala ndi K370,000, igaweni pawiri ndipo mupeza K185,000: mwailemba kumbali ya zolandira m'malo mwa zolipira. Chilichonse cholembedwa kumbali yolakwika chimabweretsa kusiyana kowirikiza kawiri, ndiye kugawa pawiri kukhale chinthu choyamba kuyesa. Zimachitikanso ndi macheke. Mukaonjezera cheke 000415 m'malo mochichotsa, mudzatsala ndi K550,000.

Chachiwiri, gawani ndi 9. Munthu akatembenuza manambala, kulemba K158,000 m'malo mwa K185,000, kusiyana kwake ndi K27,000, ndipo kusiyana kobwera chifukwa chotembenuza manambala kumagawika ndi 9 nthawi zonse popanda chotsala. Amene amagwiritsa ntchito Excel akhoza kuyesa motere, ndipo yankho likakhala 0 ndiye kuti yagawika:

```
=MOD(27000,9)
```

Koma musachikhulupirire kwambiri chizindikirochi. K90,000 nayo imagawika ndi 9, pamene m'chitsanzo chathu kutsala ndi K90,000 kukutanthauza kuti mwaiwala cheke cha kalipentala cha mu Febuluwale, chifukwa simunatsegule rikonsiliyeshoni ya mwezi watha. Fufuzani kaye ngati pali chinthu cha ndalama yomweyo musanayambe kusaka manambala otembenuka.

Akaunti ikakhala mu ovadirafuti, zizindikiro zimasokoneza anthu ambiri. Balansi ya pa sitetimenti ikalembedwa `DR`, ndi ngongole, ndipo muyambe nayo ngati nambala ya pansi pa ziro. Macheke otsala amaikulitsa ngongoleyo, dipoziti imaichepetsa. Ovadirafuti ya K200,000 ndi macheke otsala a K1,005,000 zimapanga ngongole ya K1,205,000, osati K805,000.

Chimene sindivomereza ngakhale pang'ono ndi kulemba kanambala kongotsekera dzenje kuti pepala lioneke loyera. Kusiyana kwa K2,000 kukhoza kukhala zolakwika ziwiri zazikulu zimene zatsala pang'ono kufafanizana. Kukakanika lero, lembani poyera kuti pali K2,000 yosadziwika, musaine, ndipo muuze amene amayang'anira ntchito yanu.

Mafunso awiri okhudza dayirekiti debiti ija

Loyamba: kodi yayamba mwezi uno? Tsegulani sitetimenti za Januwale ndi Febuluwale pa masiku oyandikira 25. Ngati inkachotsedwa kale koma m'buku mulibe, funsani kuti miyezi imeneyo inagwirizana bwanji. Mwina munthu anaibisa pa mndandanda wa zotsala, mwina anangokakamiza manambala. Zonse zimene mwazipeza zilembedwe m'buku, iliyonse ndi deti lake m'mafotokozedwe, ngakhale miyeziyo itatsekedwa kale ndipo mukuzilowetsa mu Malichi.

Lachiwiri: kodi bilu yomweyi sinalipiridwenso ndi cheke? Izi zimachitika kalaliki akapanda kuuzidwa kuti bwana anasaina chilolezo. Invoisi ikafika, iye amalemba cheke monga mwa masiku onse, kampani nayo n'kudzitengera yake. Zikatero zonse ziwiri zilembedwe m'kashibuku chifukwa zonse ndi malipiro enieni, ndipo akaunti ya kampaniyo ionetse kuti mwalipira mopitirira. Ngati chekecho sichinatapidwe, mukhoza kulembera banki kuti ichiimitse, mutagwirizana ndi kampaniyo.

Palinso kuphonya kwa mtundu wina, kumene kuli kotembenuza. Inu munalemba K185,000 m'buku poyembekezera kuti ichotsedwa pa 25, koma pa sitetimenti palibe, kapena ikuoneka itachotsedwa n'kubwezedwa tsiku lotsatira chifukwa mu akaunti munalibe ndalama zokwanira. Imeneyi musaiike pa mndandanda wa zotsala ngati cheke, chifukwa palibe pepala limene lili pa njira. Ibwezereni m'kashibuku kumbali ya zolandira, ngongole ya kampaniyo ibwerere mmene inalili, mulembe chindapusa ngati banki yadula, ndipo muimbire kampaniyo mwamsanga. Polise yosalipiridwa ikhoza kuimitsidwa, ndipo zimenezi munthu safuna kuzimva moto utagwa kale m'shopu.

Cheke cha kalipentala

Macheke 000412 ndi 000415 ndi a masiku ochepa, ndipo mwachidziwikire aoneka pa sitetimenti ya Epulo. Koma 000398 chafika kumapeto kwa mwezi wachiwiri chisanatapidwe. Munthu wa ntchito zamanja sasunga K90,000 m'thumba kwa milungu isanu ndi iwiri popanda chifukwa. Mwina chinatayika, mwina dzina linalembedwa mosiyana ndi la pa chiphaso chake ndipo kubanki anamubweza, mwina alibe akaunti yoti aikemo cheke chodulidwa mizere iwiri. Mwinanso chikadali m'dirowa ya shopu momwemo, sichinaperekedwe n'komwe, kapena bwana anamulipira pa foni atadandaula, osauza aliyense. Muimbireni mufunse.

Mabanki salandira cheke chimene chapitirira miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pa deti lake, choncho ichi chikafika pa 11 Ogasiti chisanatapidwe chidzakhala chitatha ntchito. Apo m'pamene cheke chotsala chimasamukira ku gulu lija la zolowa m'buku. Mumachibwezera kumbali ya zolandira, K90,000, n'kuonetsa kuti kalipentalayo mukadali naye ngongole. Ndalamayo si phindu la shopu, chifukwa chatha ndi pepala, ngongole ikadalipo. Ngati chinatayika ndipo mukufuna kulemba china nthawiyo isanakwane, yambani mwaimitsa choyambacho kubanki ndi kalata, mulandire umboni woti achiimitsa, mubwezere m'buku, kenako mulembe chatsopano.

Dipoziti ya K350,000 ndiyo yofunika kuilondola msanga kuposa zonse. Cheke chimene mwapereka chimachedwa chifukwa cha mwini wake, koma chimene mwaika nokha kubanki chilibe chifukwa chokhalira nthawi yaitali. Pemphani sitetimenti yaifupi m'sabata yoyamba ya Epulo. Ikapanda kuoneka, tengani silipi ya dipoziti yokhala ndi chidindo cha banki mupite nayo kukaunta, chifukwa mwina nambala ya akaunti inalakwika. Silipi yodinda ikasowa, funso likhale kwa amene anatumidwa kubanki tsikulo. Chekecho chikabwezedwa chifukwa kasitomala analibe ndalama, chotsani K350,000 m'kashibuku ndipo ngongole yake ibwerere pa dzina lake.

Kuti Epulo asadzakhale ngati Malichi

Pemphani kubanki mndandanda wa zilolezo zonse zimene zili pa akaunti, madayirekiti debiti ndi masitanding'i oda omwe. Lembani pa tsamba loyamba la kashibuku dzina la wolandira, tsiku lochotsa, ndalama yoyembekezeka ndi mwezi umene mgwirizano udzathe. Tsiku lililonse lotere likafika, yang'anani pa foni kapena pa kompyuta ngati yachotsedwa, mulembe vocha ngati mmene mumachitira ndi cheke, bwana asaine. Ndipo gwirizanani ndi bwanayo kuti akasaina chilolezo chatsopano, kaya ndi cha inshuwalansi, kaya cha ngongole ya galimoto, kope lake lizifika pa desiki ya wosunga mabuku tsiku lomwelo. Pepala la rikonsiliyeshoni lisainidwe ndi anthu awiri, wolikonza ndi wina amene salemba macheke, ndipo wachiwiriyo aziyamba kuyang'ana madeti a macheke otsala asanayang'ane nambala ya pansi.